Katoni ya mbale ikafika itasweka, aluze ndani?

Nachisale, Dedza boma: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumagulitsa pafoni. Ine ndimagulitsa ziwiya zakukhitchini pa WhatsApp ndi pa Facebook: mbale, makapu, mafulasiki, mapoto. Makasitomala anga ambiri ndi a ku Lilongwe, Balaka, Zomba ndi Blantyre, ndiye katundu wanga amayenda kwambiri pamsewu. Ndalemba malamulo a shopu yanga oti aliyense aziwerenga asanagule. Tandiwonereni ngati ali bwino.

1. Katundu akagulidwa sabwezedwa, ndalamanso sizibwezedwa.
2. Katundu akachoka m'manja mwanga kupita kwa onyamula, chochitika panjira si mlandu wanga.
3. Thiransipoti amalipira ndi wogula.
4. Oda imayamba ndalama yonse ikalowa.

Chandipangitsa kulemba ndi ichi. Mayi ena a ku Zomba anagula seti ya mbale 24 pa K96,000, kuwonjezapo K8,000 ya thiransipoti. Ndinatumiza pa kampani yonyamula katundu imene ndimatumizirapo nthawi zonse. Atatsegula kunyumba anapeza mbale zisanu zosweka. Akufuna ndalama zawo zonse, K104,000. Akampani akuti iwo katoni anaipereka yomata bwinobwino. Phindu langa pa seti imeneyi ndi K18,000 basi.

Yamikani, Chimbiya: Anti, malamulowo ali bho. Shopu ndi yanu, mumaika zomwe mukufuna. Munthu akawerenga n'kutumiza ndalama ndiye kuti wavomera, basi. Ine pa mafoni ndi mahedifoni ndimalemba chimodzimodzi ndipo palibe anandivutapo. Mayi a ku Zombawo akalimbane ndi akampani.

Tadala, Ntcheu boma: Ine ndine wogula, sindigulitsa kanthu. Ndikaona mawu oti ndalama sizibwezedwa ndimangodutsa, ngakhale katundu akhale wokongola bwanji. Ndinagulapo ketulo yamagetsi kwa munthu wina pa Facebook, inafika yosayaka n'komwe. Nditamuuza anangonditumizira chithunzi cha malamulo ake, kenako anandibuloka. Mpaka pano ili pamwamba pa kabati.

A Ngozo, Kampepuza: Mayi Nachisale, mwachita bwino kufunsa musanawaike. Lachitatu ndi lachinayi alibe vuto, bola mtengo wa thiransipoti muzimuuza munthu asanalipire. Loyambalo lichotseni lero lomwe. Lachiwiri tikambirane bwino, chifukwa mpamene pagona nkhani yanu ya ku Zomba.

Ndiyambe ndi loyambalo. A Yamikani, n'zoona kuti shopu ndi ya mwini wake, koma pali zina zimene wogulitsa sangazifafanize ndi cholembera chake. Tili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, komanso lamulo la mpikisano ndi chilungamo pamalonda, lija la 1998 limene linalowedwa m'malo ndi latsopano lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Julaye 2024. Bungwe la CFTC, lomwe limayang'anira lamulo limeneli, lakhala likuchenjeza amalonda kwa zaka zambiri kuti mawu oti katundu akagulidwa sabwezedwa ndi olakwira lamulo, kaya alembedwa palisiti kaya pakhoma la shopu. Chifukwa chake n'chakuti mawuwo amatanthauza kuti ngakhale mutagulitsa chinthu chowonongeka, wogula alibe ponena. Ndipo m'lamulo latsopanoli bungweli lili ndi mphamvu yolamula lokha kuti mubweze ndalama komanso yokulipiritsani chindapusa.

Ndiye ketulo ya a Tadala ija, chithunzi cha malamulo chimene anawatumizira sichinamuteteze wogulitsayo. Chinali umboni womutsutsa.

Yamikani: Koma bambo, munthu wavomera yekha. Sitinamukakamize.

A Ngozo: Wavomera kugula ketulo yowiritsa madzi. Sanavomere kugula chitsulo chosayaka. Lamulo la kugulitsana katundu limatenga kuti pamalonda otere pali lonjezo ngakhale simunalitchule: katundu akhale monga mwamufotokozera, ndipo agwire ntchito imene anthu amamugulira. Pafoni lonjezo limeneli limakula, chifukwa munthu sanamugwire katunduyo, wangoona chithunzi ndi mawu anu. Mukalemba kuti fulasiki ya malita atatu n'kutumiza ya malita awiri, mwaphwanya pangano ndinu.

Koma pali pamene mukunena zoona, ndipo ndipamene anthu amasokonezera. Wogula akagwetsa yekha foni m'madzi, kapena walowetsa ketulo pamagetsi olakwika, imeneyo si nkhani yanu. Mungalembe momveka kuti chowonongeka chifukwa cha kagwiritsidwe ntchito ka wogula simubweza. Chosaloledwa ndi kutseka khomo lonse ndi chiganizo chimodzi.

Nabanda, Lizulu: Zikomo bambo Ngozo. Nanga ife a mbatatesi ndi tomato? Ine ndimatumiza matumba a kachewere ku Blantyre kwa azimayi okazinga tchipisi. Amaoda pafoni, amalipira pa Mpamba, ine ndimakweza palole usiku. Munthu angakhale ndi thumba sabata yathunthu padzuwa ku Ndirande kenako n'kumati zaola, bwezani? Ndiye titseka bizinesi.

A Ngozo: Ayi mayi Nabanda, zanuzo n'zina. Katundu wowola ali ndi nthawi yake. Inu mungalembe kuti wogula atsegule thumba tsiku lomwe lafika, ndipo ngati muli zowola kapena zing'onozing'ono zobisidwa pansi, atumize chithunzi tsiku lomwelo. Pamenepo mwapereka mpata wodandaula woyenerana ndi katunduyo. Koma ngati pamwamba munaika zikuluzikulu pansi n'kuthira zanyenyeswa, tsiku limodzi lomwelo likukwanira kukugwirani.

Nabanda: Zimenezo ine sindichita, makasitomala anga ndi a zaka. Koma ndamva. Tsiku lomwelo ndi chithunzi.

Nachisale: Loyambalo ndachotsa. Tsopano lachiwirilo bambo Ngozo, mpamene mtima wanga uli. Mbale zinachoka kuno zonse zili bwino. Ndinazikulunga ndekha. Sindinaziswe ine. N'chifukwa chiyani ndiluze?

Bambo Kamwendo, Mlangeni: Ndiyankhulepo monga dalaivala, ndayenda pa M1 zaka zambiri. Musamangoloza ife onyamula. Anthu amatibweretsera katoni ya sopo yofewa kale, yomangidwa ndi chingwe chimodzi, osanena kuti muli zosweka. Kondakitala amaiponya kubuti, pa Lizulu pakwera thumba la kabichi pamwamba pake, kutsogolo kuli mabampu ndi maenje. Ukafika akuti waswa. Mukanena kuti muli mbale timaika pansi pa mpando wakutsogolo, koma mulipire ngati katundu wosamalidwa, osati kukakamira mtengo wa kathumba ka zovala.

Nachisale: Bambo Kamwendo, ine sinditumiza paminibasi, ndinapereka kuofesi ya kampani ndipo anandilembera lisiti. Koma zomwe mwanenazo n'zoona, ndimaziona pa siteji.

A Ngozo: Mayi Nachisale, ndikufunseni mafunso atatu kaye. Kampaniyo anasankha ndani, inu kapena mayi a ku Zomba? Palisiti ya kampaniyo dzina la wotumiza ndi la ndani? Ndipo munalembetsapo kuti mkati muli zosweka komanso mtengo wake?

Nachisale: Ndinasankha ndine, iwo anangoti tumizani mmene mumatumizira. Wotumiza ndine. Palisiti analemba kuti katoni imodzi, ziwiya. Mtengo sanandifunse. Pakatoni ndinalemba ndi maka kuti zosweka.

A Ngozo: Ndiye nkhani ili motere. Pa malonda amenewa pali mapangano awiri osiyana. Loyamba ndi la inu ndi mayi a ku Zomba, loti alandire mbale 24. Lachiwiri ndi la inu ndi kampani, loti katoni ikafike bwino. Mayi aja m'pangano lachiwirili mulibe dzina lawo ngati wotumiza. Akapita kuofesi ya kampani ku Zomba akawauza kuti wodandaula akhale amene anatumiza. Ndiye mukawauza kuti akalimbane ndi akampani, mwawatumiza pakhomo limene sangatsegulidwe. Zili ngati mnansi wakupatsani chimanga kuti mumugayitsire, inu n'kutuma mwana wanu kuchigayo. Ufa ukatayika panjira mnansi amafunsa inu, ndipo inu ndi amene mumafunsa mwanayo.

Koma ndisakubisireni mbali inayo, chifukwa a Yamikani sanaphonye kotheratu. Lamulo lakale lija la kugulitsana katundu, limene tinatengera kwa Angerezi, limati ngati simunapangane zina, kupereka katundu kwa wonyamula kumatengedwa ngati kupereka kwa wogula. Amalonda ambiri amagwira pomwepo. Chimene amaiwala ndi mawu otsatira: wogulitsa ayenera kupangana ndi wonyamulayo moyenerana ndi mtundu wa katunduyo. Akapanda kutero katundu n'kuwonongeka panjira, wogula angathe kukana kuti katunduyo anaperekedwa kwa iye. Mbale za K96,000 zolembedwa palisiti kuti ziwiya basi, popanda mtengo, popanda mawu oti zosweka, pamenepo mpamene mayi a ku Zomba angakugwireni.

Yamikani: Ndiye kuti anti akanalembetsa mtengo, akanapulumuka?

A Ngozo: Akanakhala ndi poimira pawiri. Kwa wogula akananena kuti ndinachita zonse zoyenera. Kwa kampani akanakhala ndi pepala losonyeza kuti anauzidwa zomwe anyamula. Makampani onyamula katundu amakhala ndi malamulo awo, kawirikawiri kuseri kwa lisiti kapena pakhoma la ofesi, ndipo amachepetsa ndalama zimene angalipire ngati simunatchule mtengo. Mayi Nachisale, tembenuzani lisitiyo muwerenge. Ndipo makampani amenewa chilolezo amatenga ku bungwe la boma la MACRA, ndiye amene ali ndi chilolezo muli ndi kokamusumira akakukanirani. Kondakitala wa minibasi yomwe simunalembe ndi nambala yomwe, mulibe.

Koma ine langizo langa silochokera pa kupulumuka kukhoti. Munthu amene wasankha wonyamula ndi kulongedza katundu ndi amene angathe kupewa kusweka. Wogula ali ku Zomba sangachitepo kanthu. N'chifukwa chake ndimati lamulo lanu ligawike pawiri. Mukasankha wonyamula ndinu, katundu ndi wanu mpaka wogula amulandire. Wogula akati perekani kwa achimwene anga akubwera pagalimoto, kapena kwezani minibasi yakutiyakuti ndalankhula naye dalaivala, pamenepo udindo wanu uthere pomwe mwapereka, ndipo mujambule katunduyo ali bwino musanamate.

Chikondi, Bembeke: Pepani ndalowa mochedwa. Ngati nkhani ndi ya anthu oba pafoni, ine anandipusitsapo ndi meseji yabodza yooneka ngati ya Airtel Money, ndinatumiza nyemba ndalama isanalowe. Muzionetsetsa balansi musanatumize katundu.

Tadala: Achemwali, nkhani ndi ya mbale zosweka panjira, ndalama inalowa bwinobwino. Koma chenjezo lanulo ndi labwino.

A Ngozo: Lilinso ndi malo ake m'malamulo a shopu, a Chikondi. Mulembe kuti ndalama zobweza zimapita pa nambala yomwe inalipira, osati ina. Pali ena amaimba n'kumati ndine mwamuna wa mayi anagula aja, bwezerani pa nambala iyi. Mukatumiza, mwini wake weniweni akubwerabe.

Nachisale: Chabwino. Koma ndidziwa bwanji kuti zinaswekera panjira? Mwina anagwetsa okha potsitsa pakabaza, kapena mwana anakankha katoni kunyumba. Ananditumizira zithunzi madzulo, katundu anatenga m'mawa.

Mayi Phiri, Linthipe: Apa ndiyankhe ine, chifukwa ndakhala ndikutumiza miphika yamaluwa ndi makapu adothi kwa nthawi yaitali. Umboni umayambira patebulo panu, osati ku Zomba.

Ine ndimayala katundu yense patebulo n'kujambula kavidiyo ndikuwerenga chimodzichimodzi, ndikugogoda kapu iliyonse ndi chala kuti kulira kwake kumveke. Yong'aluka imalira mogonthera, yabwino imalira ngwee. Kenako ndimakulunga chilichonse pachokha m'nyuzipepala. Mbale sizigonekedwa mosanjikiza ayi, zimaimikidwa chammbali, pakati pake n'kuikapo kachidutswa ka katoni. Mukasanjikiza, bampu iliyonse kulemera konse kumatsikira pa yapansi, ndiye mupeza zosweka ndi zapansi zokhazokha. Pansi pa katoni ndi m'makona ndimathira mapepala ofwinya kapena utuchi wa kwa akalipentala, mpaka ndikaigwedeza pasamveke kanthu. Katoniyo ndimailowetsa m'katoni inzake yokulirapo. Ndikamata selotepi ndimasaina ndi maka modutsa pa selotepi ndi pakatoni, kuti wina akatsegula n'kumatanso, siginecha isakumane.

Wogula ndimamuuza kuti akafika kuofesi, asanasaine, aigwedeze katoniyo pang'ono pafupi ndi khutu. Mukamveka tchekete tchekete, atsegule pomwepo pamaso pa akampani, ajambule, ndipo alembetse pa pepala lawo. Aonenso makona. Kona yophwanyika kapena pamwamba pobonyoka ndiye kuti inagwa kapena inasanjikizidwa ndi cholemera. Katoni ikakhala yosalala mbali zonse koma mkati mwasweka, kawirikawiri vuto ndi kalongedzedwe, ndipo akampani sangavomere.

A Nachisale, pazithunzi za mayi aja katoni ikuoneka bwanji? Ndipo zosweka zinali za pati?

Nachisale: Ndayang'ananso. Katoni ilibe pobonyoka. Zosweka ndi mbale zazikulu zisanu, ndipo zazikuluzo ndi zimene zinali pansi. Ndinazigoneka, nyuzipepala pakati.

Mayi Phiri: Ndiye mwadziyankha nokha asisi. Mwana akagwetsa katoni zimasweka za mbali imodzi, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, ndipo kona imaoneka. Izi ndi za mabampu. Mayi aja sakunama.

Bambo Kamwendo: Mwamva? Si nthawi zonse dalaivala.

Nachisale: Ndamva bambo. Ndiye ndibweze K104,000 yonse? Imeneyo ndi ndalama yoodera katundu wa mwezi uno.

A Ngozo: Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa njira zilipo zitatu ndipo sizikupwetekani mofanana.

Seti munaigula K78,000, popeza mwati phindu ndi K18,000. Mukagawa mtengo wogulitsira pa mbale 24, iliyonse ikugwera K4,000, ndiye zisanu ndi K20,000. Njira yoyamba ndi yoti mayi aja asunge mbale 19 zotsalazo, inu muwabwezere K20,000. Pamenepo phindu lonse lapita ndipo mwaonjezapo K2,000 ya m'thumba. Koma popeza zosweka ndi zazikulu, iwo anganene kuti K4,000 njochepa, ndipo akhala akunena zoona. Mwina mungafike pa K25,000.

Yachiwiri ndi yowatumizira mbale zisanu zina za mtundu womwewo, thiransipoti yanu. Imeneyi ndi yabwino ngati kumene mumaoda amagulitsa imodziimodzi. Ngati muyenera kuphwasula seti ina, mwangosamutsa vuto.

Yachitatu ndi imene akufunayo. Mubweza K104,000, mulipiranso K8,000 yoti mbale 19 zibwerere ku Dedza. Thiransipoti yokha yapita K16,000, ndipo mwatsala ndi seti yosakwana imene muigulitsa motsitsa, ngati ifike yonse.

Chimene simungachite ndi kuwakakamiza njira yoyamba. Anagula seti yathunthu, mwina ndi ya mphatso ya ukwati, ndipo seti yopanda mbale zazikulu si chimene anaoda. Koma mungawapemphe. Muwaimbire, osati kulemba, muwauze kuti mwaona kuti vuto silawo, muwapatse njira zitatuzo asankhe. Anthu ambiri amakakamira ndalama yonse chifukwa wogulitsa wayamba ndi kukana.

Tadala: Zoona zimenezo. Wa ketulo uja akanangoti pepani nditumiza ina, sindikanafuna ndalama.

Yamikani: Komatu mukatsegula chitseko chimenechi anthu azolowera. Wina agula diresi Lachisanu, avala ku ukwati Loweruka, Lolemba akuti sindinaikonde. Mlongo wanga amagulitsa zovala, zimamuchitikira.

A Ngozo: Imeneyo ndi nkhani ina, ndipo m'malamulo anu ikhale ndi ndime yakeyake. Katundu wowonongeka, wolakwika kapena wosafika ndi mbali imodzi: wogulitsa akonze, thiransipoti yobwezera ndi yake. Kusintha maganizo ndi mbali ina. Ine ndimalangiza kuti wogula pafoni mumupatse masiku ochepa, monga asanu ndi awiri, oti abweze katundu wosagwiritsidwa ntchito, ali m'paketi yake ndi zikwangwani zake, thiransipoti alipire yekha. Munthuyu sanaone mtundu weniweni wa nsalu, kamera imanamiza. Diresi yonunkhira pafyumu, yochotsedwa kapepala ka mtengo, imeneyo yagwiritsidwa ntchito ndipo mlongo wanu angathe kuikana.

Nabanda: Masiku asanu ndi awiri achuluka bambo Ngozo. Ndalama ya bizinesi yaing'ono sigona. Ikalowa lero mawa yapita kukaoda. Munthu akabwera patatha sabata uitenga kuti?

Mayi Phiri: Ine ndimapereka masiku atatu. Koma ndimaika padera K1,000 pa katoni iliyonse yotuluka, ndinaiphatikiza kale mumtengo. Imakhala pa nambala ina, siikhudzidwa. Tsiku la tsoka ndimatenga pamenepo.

A Ngozo: Nzeru ya thumba lapaderayo ndaigwirizana nayo kwambiri. Pa masikuwo ndikhalabe pa asanu ndi awiri, chifukwa katundu wopita ku Mzuzu kapena ku Nsanje kubwerera kokha kumadya masiku. Chofunika n'chakuti muziwerenga kuyambira tsiku limene walandira, osati limene walipira.

Nabanda: Pamenepo sitigwirizana, koma pitirizani.

Tadala: Ine ndifunse za kuchedwa. Wina amati katundu afika mawa, sabata ziwiri zimatha, ukafunsa akuti mafuta akusowa. Ndalama ali nazo iye. Ndidikire mpaka liti?

A Ngozo: Mpake kufunsa, chifukwa pa malamulo anayi a mayi Nachisale palibe lonena za nthawi. Alembe masiku enieni: Lilongwe awiri, Zomba ndi Blantyre atatu, kapena mmene akudziwira iwo. Alembenso kuti akapitirira ndi masiku akutiakuti, wogula ali ndi ufulu wothetsa oda n'kulandira zonse, ndi thiransipoti yomwe. Kusowa kwa mafuta kumachitikadi, koma kumakupatsani chifukwa chopempha wogula kuti adikire, osati chosungira ndalama yake iye atakana.

Ndionjezepo china chimene chikusowa. Lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti limafuna kuti wogulitsa pa intaneti adzionetse: dzina lake, kumene amapezeka, mmene angapezedwere, ndi mtengo wonse wa katundu. Ndiye pamwamba pa malamulo anu pakhale dzina la bizinesi, malo ake pa Dedza boma, ndi nambala. A Tadala akanakhala ndi zimenezi za munthu wa ketulo uja, akanatha kukadandaula ku CFTC kapena ku bungwe loimira ogula la CAMA, ngakhalenso kukhoti la majisitireti. Munthu wodziwika ndi dzina la pa Facebook lokha ndi wovuta kumusumira.

Yamikani: Ine malamulo anga ndimaika pa sitetasi. Sizokwanira?

A Ngozo: Sitetasi ya WhatsApp imafufutika pakatha maola 24, ndipo simungasonyeze kuti wogula anaiwerenga asanalipire. Malamulo amene munthu waonetsedwa atalipira kale samumanga. Muwatumize m'macheza a inu ndi iyeyo, pamodzi ndi mtengo wonse, ayankhe kuti ndavomera, kenako mumupatse nambala yolipirira. Nambala ikhale yomaliza. Ndipo akhale m'Chichewa, afupiafupi, oti munthu awerenge pafoni yaing'ono osatopa.

Nachisale: Ndawaimbira mayi a ku Zomba. Poyamba anali okwiya, koma nditanena kuti ndaona kuti zimene zinasweka ndi zapansi anafewa. Akuti ndiwatumizire mbale zisanu zazikulu, zikapanda kupezeka za maluwa omwewo ndiwabwezere K25,000 asunge zotsalazo. Mawa ndifunsa kumene ndimaoda ku Lilongwe.

Malamulo ndalembanso motere:

1. Mtengo wa katundu ndi wa thiransipoti ndikuuzani musanalipire. Oda imayamba ndalama ikalowa.
2. Ndikuuzani tsiku lofika. Akachedwa kupitirira masiku asanu, mungathetse oda n'kulandira ndalama zonse.
3. Ndikasankha wonyamula ndine, katundu ndi udindo wanga mpaka mutamulandira. Mukasankha nokha, udindo wanga umathera pomwe ndamupereka, ndipo ndikutumizirani chithunzi chake ndisanamate.
4. Muyang'ane katoni musanasaine. Chosweka, cholakwika kapena chosagwira ntchito mundiuze ndi chithunzi pasanathe maola 24. Musankha nokha kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama, thiransipoti ndi yanga.
5. Mukasintha maganizo, bwezani katundu wosagwiritsidwa ntchito pasanathe masiku asanu ndi awiri chilandirireni, thiransipoti ndi yanu.
6. Ndalama ndimabweza pa nambala imene inalipira, pasanathe masiku atatu katundu atandifika.

A Ngozo: Asintha kwambiri. Pa lachinayi pokha mpofunika kukonza. Maola 24 ndi oyenera pa chosweka, chifukwa chimaoneka ndi maso tsiku lomwelo. Koma fulasiki yosasunga kutentha, kapena ketulo yofa itagwira ntchito kawiri, sizidziwika tsiku loyamba. Mukaika zonse pa maola 24, mwabwezeretsa lamulo loyamba lija mwanjira ina. Mugawe: zosweka maola 24, zosagwira ntchito mupereke nthawi yotalikirapo, ndipo za magetsi mutchule waranti ngati kumene mumaoda amapereka. Mulembenso kuti ndalama yotumizira pobweza mulipira ndinu ngati vuto ndi lanu, wogula alandire yathunthu.

Tadala: Shopu yolemba chonchi ine ndingagule osaopa.

Bambo Kamwendo: Nanga lachitatulo likatikhudza ife? Wogula ali ku Tsangano kapena ku Mayani, kumene kulibe ofesi ya kampani. Njira ndi minibasi kapena njinga yamoto basi. Wogulitsa akuti ndikweza minibasi, wogula akuti chabwino. Wasankha ndani pamenepo?

Mayi Phiri: Kwa ine wasankha ndi wogulitsa, chifukwa ndi amene waima pa siteji n'kuona galimoto ndi dalaivala wake. Ine ndimajambula nambala ya galimoto, ndimatenga nambala ya foni ya dalaivala, zonse ndimatumiza kwa wogula galimoto isananyamuke.

Nabanda: Ayi asisi, pamenepo tigawane pakati. Kulibe njira ina, onse awiri akudziwa kuti minibasi ilibe lisiti. Wogulitsa yekha sangasenze.

A Ngozo: Kugawana n'kotheka ngati mwapangana musanakweze ndipo zalembedwa m'macheza. Mukangokweza osanena kanthu, ine ndili mbali ya mayi Phiri.

Nachisale: Zosweka za kumalo opanda ofesi ndiyamba ndaimitsa kaye, mapoto ndi masipuni okha ndi amene azikwera minibasi. Mayi Phiri, makatoni olimba aja mumawapeza kuti kuno? A m'magolosale a pa boma ndi ofewa.

Mayi Phiri: Funsani m'mashopu a hadiweya, makatoni obwera ndi matailosi kapena penti. Ndi a makoma awiri. Mukafika pa Linthipe Loweruka ndikusungirani anayi muyesere.